"Adzawongoka Akakula": Mawu Amene Akulumaza Ana Athu

Pali mawu awiri amene alumaza ana ambiri m'makomboni mwathu kuposa mfiti zonse zimene timaziopa usiku. Mawuwo ndi akuti, "Adzawongoka akakula." Amene amawanena si adani athu ayi. Amawanena ndi ambuye a mwana, apongozi, aneba abwino, nthawi zina ngakhale atate ake a mwana eniakewo. Amawanena mwachikondi, pofuna kutonthoza mayi amene wangobereka kumene ndipo waona kuti kaphazi ka mwana wake kapindikira mkati, chidendene chakwera m'mwamba, ndipo kunsi kwa phazi kwayang'ana mwendo winawo. Mayi amamva mawuwo, mtima umakhala pansi, amamufunditsa mwana chitenje n'kumadikira. Pamene iye akudikira, phazi likuuma.

Ife tikuti mawu amenewa athe. Phazi lopindika lenileni siliwongoka lokha, kaya mudikire mwezi, kaya chaka, kaya mpaka mwana amere ndevu. Koma limawongoka bwino kwambiri ngati mwana afika kuchipatala m'masabata oyambirira a moyo wake, ndipo limawongoka ndi manja a munthu wophunzira ntchitoyi, pulasitala ndi nsapato. Sipafunika opareshoni yaikulu, sipafunika ulendo wa ku India. Chimene chimafunika kwambiri ndi nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene mabanja akutaya.

Tiyambe ndi kunena chimene chinthuchi chili. Mwa ana pafupifupi 800 mpaka 1,000 amene amabadwa, mmodzi amabadwa ndi phazi lopindika. Kuno ku Zambia zimenezi zikutanthauza ana mazana angapo chaka chilichonse. Anyamata ndi amene amachuluka, pafupifupi awiri pa mtsikana mmodzi, ndipo theka la anawa amabadwa mapazi onse awiri ali opindika. Vutoli limayamba mwana ali m'mimba. Mitsempha ya mkati ndi ya kumbuyo kwa phazi imakhala yaifupi ndi yolimba, ndiye imakoka timafupa ta phazi kutichotsa pamalo pake. Timafupato tonse tilipo, palibe kamene kakusowa, tangokhala mokhota. Nthawi zina vutoli limayenda m'magazi, kuchimuna kapena kuchikazi, koma ana ambiri amabadwa nalo m'mabanja amene sanaliwonepo n'kale lonse.

Choncho za kuti mayi anaseka munthu wolumala ali ndi pakati, za kuti anadumpha mankhwala panjira, za kuti anayenda ndi mwamuna wina, zonsezi tizisiye. Ana a ku Japan, a ku Brazil ndi a ku Sweden amabadwanso ndi phazi lomweli, pa chiwerengero chosasiyana kwambiri ndi chathu. Kodi mfiti ya ku Chawama inakwera ndege kupita konseko? Kuipa kwa nkhani zimenezi sikuthera pa kunyoza mayi chabe. Mayi amene akuimbidwa mlandu amabisa mwana. Sapita naye kusikelo, amamuveka masokosi ngakhale mu Okutobala, ndipo banja limatha miyezi likukhala pansi kufunsana kuti walakwa ndani. Mlanduwo ukamatha, masabata abwino kwambiri ochiritsira mwana amakhala atapita.

Tikudziwa chimene ambuye atiyankhe. Ati, "Inu ana a masiku ano, mwana wa uje anabadwa phazi lili chopindika, tinangomusisita ndi mafuta ndi madzi ofunda, lero akuthamanga." Ambuye sakunama. Pali mitundu iwiri ya mapazi amene amaoneka ofanana pa tsiku lobadwa. Mtundu woyamba ndi wa mwana amene anangopanikizika m'mimba. Phazi lake ndi lofewa, ndipo mukaligwira pang'onopang'ono limabwera pamalo pake popanda kukana, mpaka zala kuloza m'mwamba. Limenelo limawongokadi lokha kapena ndi kusisita pang'ono. Mtundu wachiwiri ndi phazi lopindika lenileni. Ili ndi louma. Mukayesa kulibweza limakana, mukalisiya limabwerera pomwepo. Chidendene chake ndi chaching'ono ndipo mukachikhudza chimamveka ngati mulibe fupa, chifukwa fupalo lakokeredwa m'mwamba. Kumbuyo kwa chidendene kumakhala mzere wozama, nthawi zambiri winanso kunsi kwa phazi, ndipo katumba wa mwendowo amakhala wowonda.

Mwana amene ambuye akumukumbukira anali wa mtundu woyamba. Ana a mtundu wachiwiri amene anasisitidwanso ndi mafuta omwewo ambuye sawatchula, koma timawaona tonse pamsika ndi pasiteshoni, akuyendera m'mbali mwa phazi. Ndipo kusiyanitsa mitundu iwiriyi si ntchito ya pakhonde. Ngati phazi la khanda likuoneka lopindika, alione a kuchipatala. Akanena kuti ndi lofewa chabe, mwataya ndalama ya basi ya tsiku limodzi. Mukaganiza nokha kuti ndi lofewa pamene lili louma, amene wataya ndi mwana, ndipo wataya zambiri.

N'chifukwa chiyani tikulimbikira za masabata oyambirira? Mafupa a phazi la khanda sanakhwime. Mbali yake yaikulu ikali yofewa ngati kafupa kotafunika ka pachifuwa cha nkhuku. Mitsempha nayo imavomera kutambasuka. Mukaikoka pang'ono n'kuigwira pamalo amenewo kwa masiku 5 mpaka 7, imazolowera kutalika kwatsopanoko, ndipo sabata yotsatira mutha kuikokanso pang'ono. Timafupa tofewa tija timasintha maonekedwe kutsatira pamene taikidwa. Makolo anati kuwongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono, ndipo pa phazi la khanda mwambiwu ndi woona kwenikweni.

Njira imene zipatala zimagwiritsa ntchito imatchedwa njira ya Ponseti. Ignacio Ponseti anali dokotala wa mafupa wochokera ku Spain amene anagwira ntchito pa yunivesite ya Iowa ku America. Iye anaona kuti ana amene mapazi awo anang'ambidwa pa maopareshoni akuluakulu ankakula ndi mapazi ouma ndi opweteka, ndipo anapeza njira yowongolera phazi ndi manja ndi pulasitala. Zotsatira zake zoyamba anazifalitsa mu 1963. Lero njirayi ndi imene imatsatidwa pafupifupi padziko lonse, ndipo ikatsatidwa bwino imawongola mapazi oposa 90 pa mapazi 100 alionse. Kuno kwathu iliko. Ku Lusaka kuli chipatala cha ana cha Beit CURE, kumene ana amathandizidwa osalipira, kulinso UTH, ndipo bungwe la Hope Walks limagwira ntchito ndi makiliniki a mapazi opindika m'dziko muno. Poyambira ndi pakiliniki panu pomwepo: auzeni azamba kapena anamwino, ndipo pemphani kalata yokutumizani kumene amaika pulasitala wa mapazi opindika.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mwana wamwamuna wobadwira ku Mtendere, phazi lamanja lopindika, lamanzere labwinobwino. Banja lamusunga m'nyumba mpaka mchombo kugwa, monga mwa mwambo. Palibe vuto, chifukwa mchombo umagwa pakatha sabata imodzi kapena iwiri, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoyambira. Mwambo wa chikuta suletsa chithandizo ichi. Chimene chimaletsa ndi kuwonjezera miyezi pamwamba pa chikuta.

Mwanayu wafika kukiliniki ali ndi masiku 10. Wachipatala ayamba wapima phazi n'kulemba nambala yosonyeza kuuma kwake, kuchokera pa 0 kufika pa 6, kuti sabata iliyonse aziona ngati nambalayo ikutsika. Kenako agwira phazilo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kulitambasula mofatsa mwana akuyamwa. Sapotokola, sathyola. Akatero aika thonje ndi pulasitala, amene ena amati chikhakha, kuyambira kuzala mpaka pamwamba pa ntchafu, bondo lili lopinda. Makolo ambiri amadabwa kuti vuto lili kuphazi koma amanga mwendo wonse. Chifukwa chake n'chakuti mwendo wa khanda ndi wonenepa ndi woterera. Pulasitala wolekezera pansi pa bondo amavuka ngati sokosi, ndiponso sangaletse phazi kuzungulira kubwerera mkati.

Apa pali msampha woyamba. Pulasitala woyamba akaikidwa, phazi limaoneka ngati lapindika kuposa kale, chifukwa ntchito ya sabata yoyamba ndi kukweza mbali ya chala chachikulu kuti kutsogolo kwa phazi kufanane ndi kumbuyo kwake. Apongozi akaona zimenezo amati achipatala akuwononga mwana, ndipo mabanja ena amalekera pomwepo. Musaleke. Ndi mmene njirayi imayambira.

Pakatha sabata, pulasitala achotsedwa kukiliniki komweko, mwana asambitsidwa, phazi litambasulidwanso, aika wina. Kuyambira pa wachiwiri, wachipatala amaika chala chake chachikulu pa kafupa kamene kali kutsogolo kwa kakolo cha kunja, kuti kasasunthe, n'kumatembenuzira phazi lonse kunja pang'onopang'ono mozungulira kafupako. Sabata iliyonse phazi limasendera kunja. Kawirikawiri pamafunika mapulasitala 5 mpaka 8. Mwana wathuyu tinene kuti wavala 5. Pofika pamenepo phazi lija linkayang'ana mkati likuyang'ana kunja kopitirira muyeso, ndipo amachita zimenezo dala, chifukwa phazili limakonda kubwerera.

Chatsala ndi chidendene. Mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene ndi wokhuthala, suvomera kutambasuka ngati inzake. Mwa ana 10, pafupifupi 8 kapena 9 amafunika kuti mtsemphawu udulidwe. Mawu akuti kudula mtsempha amaopsa, ndipo apa ndi pamene mabanja ena amathawira. Koma tamverani chimene chimachitika. Amaika mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, amalowetsa kampeni kakang'ono kwambiri pakabala kosakwana chikhadabo cha mwanayo, ndipo pa mphindi zochepa zatha. Nthawi zambiri sasoka n'komwe. Amaika pulasitala womaliza amene amakhala masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo mtsempha wa khanda umalumikizananso wokha, uli wautali bwino. Kukana kudula kumeneku ndiko kusiya mwana kuti adzayendere zala, chidendene chili m'mwamba.

Tawerengani nafe. Masiku 10 a kunyumba, masabata 5 a mapulasitala, masabata atatu a pulasitala womaliza. Mwanayu sanakwanitse miyezi itatu, sanayambe n'kukhala komwe, koma phazi lake lawongoka. Sadzakumbukira chilichonse. Adzakwawa, adzaima, adzayenda pa nthawi yosasiyana kwenikweni ndi anzake.

Ena amati n'kuzunza khanda kulimanga mwendo likali lanthete, bola lidikire likhwimeko. Chifundo chimenechi chili chozondoka. Khanda la masabata awiri siliyenda, silikwawa, ntchito yake ndi kuyamwa ndi kugona, ndipo pulasitala salisokoneza pa ntchito ziwirizo. Limalira pomugwira monga limalirira posamba, kenako limagona. Mutha kulibereka kumbuyo. Mwana wa zaka ziwiri ndiye amavutika, chifukwa amadziwa kuti wamangidwa, amalimbana ndi omugwira, amalemera pomunyamula, ndipo phazi lake limafuna mapulasitala ambiri.

Pulasitala ali ndi zoopsa zake, ndipo n'kofunika kuti mayi ndi bambo azidziwe. Zala za mwana zimasiyidwa poyera kuti muziziona. Kangapo pa tsiku, makamaka tsiku loyamba, dinani kachala pang'ono. Kayere, ndipo mukasiya kabwerere mtundu wake pa masekondi awiri kapena atatu. Ngati zala zazizira, zatupa, zayera mbee kapena zada, magazi sakuyenda bwino. Ngati zala zimene zinkaoneka dzulo lero zalowa mkati, pulasitala waterereka ndipo akupanikiza phazi pamalo olakwika. Ngati pakutuluka fungo loipa, ngati mwana watentha thupi, kapena akulira kosatonthozeka ngakhale ndi bere, musadikire tsiku lanu la kiliniki. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kupatula apo, ntchito ndi kusamala kuti pulasitala asanyowe: mwana muzimupukuta ndi kansalu m'malo momuviika m'beseni, ndipo thewera lizikhala kunja kwa m'mphepete mwa pulasitala kuti mkodzo usalowe. Musachotse pulasitala kunyumba usiku woti mawa mupita kukiliniki, pokhapokha achipatala atakuuzani, chifukwa usiku umodzi ndi wokwanira kuti phazi liyambe kubwerera.

Tsopano tifike pamene ana ambiri amatayikira, ndipo apa tikufuna mumve bwino. Pulasitala amawongola phazi, koma salisunga. Chimene chinakoka phazi m'mimba chimapitiriza kukoka mpaka mwana atafika zaka zinayi kapena zisanu. N'chifukwa chake tsiku lochotsa pulasitala womaliza mwana amapatsidwa nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, kotalika ngati mapewa ake. Nsapato ya phazi lodwala imayang'ana kunja kwambiri, ya phazi labwino imayang'ana kunja pang'ono. Mtundu wina wa nsapato zimenezi umene umapezeka kwambiri mu Africa unapangidwa ku Uganda ndi Michiel Steenbeek, ndipo umasokedwa ndi chikopa ndi chitsulo wamba. Kwa miyezi itatu yoyamba mwana amazivala maola 23 pa tsiku, kuzivula posamba pokha. Kenako amazivala usiku ndi pogona masana, mpaka zaka zinayi kapena zisanu.

Mwana wathu wa ku Mtendere uja adzalira masiku awiri kapena atatu oyamba, osati chifukwa cha ululu, koma chifukwa anazolowera kuponda mwendo umodzi pawokha ndipo tsopano miyendo yamangidwa pamodzi. Usiku wachiwiri wina m'nyumbamo adzati, "Muvuleni agoneko, phazi lawongoka kale." Mukamuvula usiku umenewo, mwamuphunzitsa kuti kulira kumavula nsapato, ndipo mawa adzalira kowirikiza. Chothandiza ndi kugwira kachitsuloko n'kumasewera naye, kupinda ndi kutambasula miyendo yonse pamodzi, mpaka aphunzire kuponda iwiri nthawi imodzi. Muziona kuti chidendene chafika pansi penipeni mu nsapato, zingwe zamangidwa zolimba, ndipo sokosi ilibe makwinya. Nsapato yomasuka ndi imene imachititsa matuza. Mukaona chilonda kapena kufiira kumene sikukutha, bwererani nayo kukiliniki akaikonze, musaiponye pansi pa bedi. Phazi likamakula, nsapato zimasinthidwa.

Ana amene amasiya nsapato msanga, ambiri mwa iwo phazi limabwerera. Amene amavala mokhulupirika, ndi ochepa amene limabwerera. Zizindikiro zake ndi izi: chidendene chikuyamba kukana kufika pansi mu nsapato, mwana akuyendera m'mbali mwa phazi, kapena poyenda chala chachikulu chikunyamuka phazi n'kumakhotera mkati. Mukaziona msanga, mapulasitala awiri kapena atatu amabweza zinthu m'malo mwake. Mukachita manyazi kubwerera kukiliniki chifukwa munasiya nsapato, mwayambanso kudikira kuja, ndipo mapeto ake ndi opareshoni.

Tsopano tiyerekeze mwana wina, wobadwa tsiku lomwelo ndi phazi lomwelo, amene banja lake linati adzawongoka akakula. Pa chaka chimodzi wayamba kuima, ndipo thupi lake lonse likutsamira m'mbali mwa phazi. Kuyenda, kumene ambuye ankati kudzawongola phazi, ndiko kukulikhotetsa kwambiri. Pamene akupondera pamamera chikopa chokhuthala, pansi pake pamakhala kathumba ka madzi, ndipo m'miyala ndi m'matope a m'komboni pamang'ambika n'kukhala zilonda. Timafupa tija takhwima tili tokhota. Pa zaka 7 sangavale nsapato ya sukulu. Anzake amupatsa dzina. Ngati sukulu ili kutali, amayamba kujomba. Thandizo limene akanalipeza ndi mapulasitala 5 tsopano likufuna mapulasitala ambiri, kugonekedwa m'chipatala, kusuntha mitsempha, mwina kudula mafupa, ndipo phazi lotuluka m'menemo kawirikawiri limakhala louma kuposa la mnzake uja. Ana awiriwa anabadwa ofanana. Chinawasiyanitsa ndi mawu awiri.

Musatimve molakwa. Sitikunena kuti mwana wa miyezi 8 kapena wa zaka zitatu wachedwa kotheratu. Njira ya Ponseti imathandizanso ana amene ayamba kale kuyenda, ndipo ngakhale amene akufunika opareshoni amapindula. Ngati mwana wotere ali m'nyumba mwanu, tsiku lopita naye ndi mawa m'mawa. Chimene tikunena n'chakuti mwezi uliwonse wodikira umawonjezera mtengo umene mwana adzalipira. Tinenenso poyera malire ake a njirayi. Phazi lochiritsidwa limatha kukhala laling'ono pang'ono kuposa linzake, ndipo katumba amakhala wowondako moyo wonse. Ana amene phazi lawo labwera pamodzi ndi vuto lina, monga chotupa cha pamsana chobadwa nacho, chithandizo chawo chimatenga nthawi yaitali ndipo phazi limabwerera kawirikawiri. Koma mwana wamba wothandizidwa msanga amavala nsapato za pasalaula monga aliyense, amathamanga, amamenya mpira.

Chifukwa chimodzi chochedwera chimene sitingachinyoze ndi ndalama. Ngakhale kumene chithandizo chili chaulere, basi si yaulere. Mayi wogulitsa pamsika akapita kukiliniki, tsiku limenelo sanagulitse. Wokhala kutali ndi tauni, ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu. Zimenezi ndi zoona. Koma tiyeni tiwerenge maulendowo. Mapulasitala 5 kapena 6, tsiku lodula mtsempha, tsiku lolandira nsapato: maulendo pafupifupi 8 m'miyezi itatu, kenako amatalikirana. Maulendo 8 ndi chinthu chimene banja lingakonzekere. Timasonkha za kicheni pate, timasonkha za maliro, tili ndi zilimba m'misika monse. Chilimba chimodzi chingathe kunyamula mwana mmodzi mpaka kumapeto. Ndipo inu anyamata amene mwakhala atate, ndalama imene imapita kokabetcha mpira Loweruka ndi Lamlungu ndi yomweyo imene ingakwereke mwana wanu basi Lachiwiri. Musamusiyire mayi yekha. Mwana wa pulasitala miyendo yonse iwiri ndi wolemera, ndipo usiku wa nsapato umafuna anthu awiri ogwirizana. Bambo amene anamva yekha malangizo kukiliniki savutika kuyankha amayi ake akamati mwana avulidwe.

Kwa abusa, aneneri ndi asing'anga, pempho lathu ndi limodzi. Sitikulimbana ndi pemphero. Pemphererani mwanayo, pemphererani manja a amene akuika pulasitala, kenako uzani makolo kuti Lolemba akhale pamzere kukiliniki. Koma amene amauza mayi kuti kupita kuchipatala ndi kusowa chikhulupiriro, kapena amene amatema mphini paphazi la khanda n'kulandira ndalama mwezi ndi mwezi, ameneyo akudya nthawi ya mwana, ndipo nthawiyo sadzaibweza. Pa zaka 7 mwana akamalephera kuvala nsapato, iye sadzakhalapo.

Kwa azamba ndi anamwino, inu ndinu oyamba kuona mapazi amenewa. Mawu amene mumanena pa ola loyamba amalemera kuposa onse amene mayi adzamve kunyumba. Muuzeni kuti vutoli lili ndi dzina, kuti limachiritsika, kuti iye sanalakwe, ndipo mulembereni kumene apite ndi tsiku lake. Mayi wotuluka m'chipatala ndi kalata m'manja savuta kuima pamaso pa apongozi.

Ndipo inu amene mukuwerenga, mwina mulibe mwana. Koma muli ndi mlongo, muli ndi mnzanu wa kusukulu amene ali ndi pakati, muli ndi aneba. Inu ndi amene mumapita kukaona khanda, inu ndi amene mumamvetsa zolembedwa pakhadi la sikelo. Mukaona kaphazi kopindika ndipo wina m'chipindamo wati adzawongoka akakula, musangoseka n'kunyamula mwana. Simufunika kukangana ndi akuluakulu. Nenani mwaulemu kuti, "Ambuye, mwina n'zoona, koma tiyeni akamuone achipatala sabata ino. Akanena kuti ndi lofewa, tibwerera." Palibe ambuye amene angakane zimenezo, chifukwa nawonso akufuna mdzukulu wawo adzayende. Kenako funsani mayiyo tsiku limene apita, ndipo ngati mungathe, mumuperekeze pa ulendo woyamba.